Zikhomo Pamalo a Malemu Bambo

Dzina loti a Sikweya anawapatsa ndi makasitomala. Munthu akabwera kudzatenga tebulo lake, iwo ankatulutsa kachitsulo koyezera makona kotchedwa sikweya, n'kukakhazika pakona iliyonse mwini wake akuona. "Chopindika sichituluka muno," ankatero. Ukalipentala anaugwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'shedi yalendi kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Munali makina opalira matabwa, macheka a magetsi, ndi utuchi wofika mu akakolo. Ankakhoma zitseko, mafelemu ndi mabedi, ndipo ntchito ikachepa ankakhomanso mabokosi a maliro.

Kwawo anabadwa atatu, iwo ndiwo oyamba. Wachiwiri anali mlongo wawo, amene anthu ankamutchula Namasamba chifukwa ankalima ndi kugulitsa ndiwo zamasamba. Ukwati wake utatha anabwerera kwa bambo, ndipo ndi iye amene anawadwazika zaka zisanu ndi chimodzi atafa ziwalo mbali imodzi. Wachitatu anali mng'ono wawo, dalaivala wa thiraki. Ameneyu anali wa mayi wina. Bambo anabwera naye pakhomo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi ake atamwalira.

Bambo anamwalira osasiya wilo. Anasiya malo aatali ngati lilime: kutsogolo kwake msewu, pakati nyumba, kumbuyo kotsetsereka kuli chitsime ndi mabedi a ndiwo. Pepala la malowo linali m'dzina lawo.

Patangopita mwezi umodzi maliro atachitika, a Sikweya analandira kalata kuchokera kwa mwini shedi. Mashedi onse agwetsedwa, pamangidwa masitolo. Kalatayo anaipinda kanayi n'kuibisa pansi pa bokosi la misomali. Ngakhale mkazi wawo sanamuuze. Munthu amene abale onse ankamuthamangira zikavuta akananena bwanji kuti alibe poika makina ake?

Loweruka lina m'mawa anafika kunyumba ya malemu ndi zikhomo, chingwe ndi tepi. Anayamba kukhoma kuchokera kumsewu mpaka kuchitsime. Chingwe chinadutsa pakati pa nazale ya tomato, ndipo mbande zimene zinali m'njira anangoziponda. Namasamba anatuluka ali ndi thovu la sopo m'manja.

"Achimwene, mukutani?"

"Ndikuyeza malo anga. Bambo anandiuza ali kuchipatala kuti malo ano ndi anga, ndine wamkulu."

Namasamba anangoimbira foni dalaivala uja, amene anafika masana thiraki ataisiya pamsewu.

"Malo ano tigawe patatu mofanana," anatero dalaivala. "Ngati mzere udutsa pabalaza, udutse."

A Sikweya anali ndi hamala m'manja, thukuta lili kamukamu. "Iwe ukulankhula ngati ndani? Pakhomo pano unabwera ndi zovala za m'jumbo. Ukafunse kwa amako malo."

Anthu oyandikana nawo anali atatsamira mpanda, ndipo anamva zonse. Dalaivala anakwera thiraki yake n'kumapita. A Sikweya anakhoma loko pageti la kumsewu, moti Namasamba ankatulutsa madengu a ndiwo podutsira pakhomo pa oyandikana nawo.

Miyezi iwiri inatha osapatsana moni. Kenako kunabwera kalata ya loya wa dalaivala, yonena kuti nkhaniyi ipita kukhoti. Mkazi wa a Sikweya ataiwerenga anati, "Bambo a ana, inu mukufuna ana athu adzakule akulozana zala ndi asuweni awo? Pezani akuluakulu."

A Sikweya anatchula amalume awo. Namasamba anakana kudzera mwa mlamu wakeyo: amalumewo anali atanena kale pamaliro kuti chuma ndi cha mwana wamkulu, ndiye akanamvanso chiyani? Mayina anapita uku ndi uku kwa mlungu wathunthu, mpaka onse atatu anavomera anthu awiri. Woyamba anali mayi wina wopuma pantchito ya uphunzitsi, amene anawaphunzitsa onse atatu ali aang'ono. Wachiwiri anali mnzawo wa malemu bambo, mkulu amene anagwira ntchito yoyeza malo mpaka maso atayamba kuvuta.

Anakumana kunyumba kwa aphunzitsiwo, m'chipinda chimene ankathandiziramo ana a mayeso. Munali bolodi, mabenchi atatu, ndi kabati ya mabuku ong'ambika zikuto. A Sikweya anakhala pabenchi, mawondo ali m'mwamba ngati mwana wa sukulu.

"Tisanayambe, mumve bwino," anatero aphunzitsi. "Ine ndi achikulirewa sitinabwere kudzagamula mlandu. Sitinena kuti wolakwa ndi uyu. Chimene mugwirizane chichokera kwa inu, ndipo amene sakhutira ali ndi ufulu wokana. Koma tili ndi malamulo atatu. Wina akamalankhula, ena chete. Kutukwanana ayi. Ndipo pamene tikukambirana, pamalopo pasachitike chilichonse: loko achoke, zikhomo zizulidwe, loya ayambe wadikira. Mukuvomera?"

Dalaivala anagwedeza mutu movomera. A Sikweya anati zikhomo zisazulidwe. Oyeza malo anawafunsa mofatsa ngati iwo akanatha kukambirana momasuka mnzawo atawakhomera loko pashedi. A Sikweya anatulutsa kiyi m'thumba n'kumuika patebulo.

Tsiku limenelo aliyense ananena chimene ankafuna. A Sikweya anati malo onse akhale m'manja mwawo. Dalaivala anati patatu, mofanana. Namasamba anati malo asagawidwe ndipo asagulitsidwe, akhale mmene bambo anawasiyira. Aphunzitsi ankabwereza mawu a aliyense n'kufunsa, "Ndamva bwino?" Kenako analemba zitatuzo pabolodi.

"Mwaona? Zitatu izi sizingakwanire pamalo amodzi. Tikakhala pa zimenezi tikalamba pano. Mlungu wamawa tionana ndi aliyense payekha. Zimene mudzatiuze kumeneko sizituluka, pokhapokha mwini wake atalola."

A Sikweya anapita Lachitatu masana. Anayamba ndi zomwe zija, kuti bambo anawauza kuchipatala.

"Zimenezo tazimva," anatero aphunzitsi. "Koma tiyerekeze kuti malo onse mwapatsidwa lero. Mawa m'mawa muchita nawo chiyani?"

"Ndimanga shedi."

"Pati?"

"Kutsogolo, kumsewu. Pali polo ya magetsi pomwepo, ndiponso galimoto ya matabwa itha kuima."

"Nanga nyumba muchita nayo chiyani?"

"Nyumba ndili nayo kale."

"Chitsime?"

A Sikweya anakanda m'mutu. Chitsime analibe nacho ntchito.

"Ndiye kuti chimene mukufuna ndi pokhomera matabwa, pofika magetsi ndi galimoto," anatero aphunzitsi. "Nanga shedi imene muli nayo yatani?"

Apa a Sikweya anayang'ana pansi. Anaona utuchi umene unagwa kuchokera m'mapindiro a thalauza lawo pasimenti yopukutidwa bwino ya aphunzitsi, ndipo anayamba kuusonkhanitsa ndi phazi. Ananena za kalata ija, kuti kwatsala milungu itatu, ndi kuti mkazi wawo sakudziwa.

Oyeza malo anavula magalasi n'kuwapukuta. "Mwana wanga, ndikufunse chinthu chimodzi, ndipo sindikufunsa kuti ndikuchititse manyazi. Mlungu womaliza uja kuchipatala ine ndinkapita tsiku lililonse. Bambo ako anali atasiya kulankhula. Nkhani ikapita kukhoti, adzandiitana, ndipo ndidzanena zimene ndinaona. Kodi mawu aja anakuuza liti?"

A Sikweya anakumbukira kuti mlungu umenewo anapitako kamodzi kokha, ndipo anakhala mphindi zochepa chifukwa anali ndi zitseko za sukulu zoti apereke. Anapeza mlongo wawo akupukuta bambo kukamwa ndi kansalu.

"Sanandiuze," anatero.

"Chabwino. Ife sitikanena. Koma taganiza bwino ngati mgwirizano ungakhale pamwamba pa mawu amenewo."

Aphunzitsi anawafunsanso chimene chingachitike akapanda kugwirizana. Anawerengera limodzi: mlandu utha kutenga zaka, nthawi yonseyo palibe angamange kanthu pamalopo, ndipo makina akakhala akuchita dzimbiri pakhonde. Pomaliza anapempha chilolezo choti nkhani ya shedi ikanenedwe pamaso pa onse. A Sikweya anati aganize kaye. Anatuluka osatsanzika bwino, ndipo m'malo mobwerera kuntchito anayenda wapansi mpaka kunyumba, kumene anatulutsa nkhani yonse kwa mkazi wawo ali chiimire m'khitchini. Mkaziyo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye miyezi yonseyi mumadya bwanji?" Funso limenelo linawawawa kuposa kukalipa.

Loweruka lotsatira anakumananso onse. Aphunzitsi anali atafufuta pabolodi paja.

"Lero sitikamba za amene atenge chiyani," anatero. "Tikamba chimene aliyense akuopa kutaya. Ayambe ndani?"

Anayamba Namasamba. Anati iye saopa kugawa chifukwa cha dyera. Malo akagawidwa patatu, chitsime chigwera mbali ina, mabedi mbali ina, ndipo iye ndi ana ake awiri amadya za m'mabedimo. Wina akadzagulitsa gawo lake, iye adzadzuka tsiku lina n'kupeza mlendo wamanga mpanda pakhomo pa khitchini. "Ndinachoka kale pakhomo pena ndi katundu pamutu. Sindikufuna kachiwiri."

Aphunzitsi analemba mizere iwiri pabolodi: pokhala posachotsedwa, madzi ndi mabedi zikhale pamodzi.

Dalaivala anakhala nthawi akutembenuza chipewa chake m'manja. Aphunzitsi anamufunsa ngati akufuna kumanga pagawo lake. Anati ayi, amakhala pafupi ndi kuntchito. Kugulitsa? Ayinso.

"Nanga gawolo likupatsa chiyani?"

"Dzina," anatero. "Ndili mwana, alendo akabwera ankafunsa kuti uyu ndi wa ndani. Bambo okha ndi amene ankayankha kuti ndi wanga. Pano bambo kulibe. Ndikufuna pepala lonena kuti ndine mwana wa pakhomo paja, kuti ana anga asadzauzidwe zimene ndinauzidwa ine anthu akumva."

Sanayang'ane a Sikweya ponena zimenezi, ndipo a Sikweya anaona kuti bola akanawayang'ana. Jumbo ija ankaikumbuka bwino. Inali yobiriwira, ndipo ndi iwo amene anailandira m'manja mwa mwanayo tsiku limene anafika, n'kumuonetsa pogona.

Itafika nthawi yawo, analankhula maso ali pa bolodi. Ananena za kalata ya mwini shedi. Kenako, mosafunsidwa, anati, "Zoti bambo anandiuza kanthu kuchipatala, ndinanama. Sanandiuze chilichonse."

"Ndinkadziwa, achimwene," anatero Namasamba. "Ndinali pomwepo usana ndi usiku. Za shedinso ndinkadziwa. Mkazi wa mwini shedi amagula tomato kwa ine, anandiuza kalata isanakufikeni. Ndinali nditachotsa kale milu ya manyowa kutsogolo kuja kuti mukabwera kudzapempha, mupeze poyera. Ndinkadikira kuti mubwere mudzanene. Ndiye munabwera ndi zikhomo."

A Sikweya anakumbukira kuti tsiku lija anadabwadi kuona kutsogoloko kuli kosesedwa, ndipo anangoti zawaphwekera. Anapempha kuti atuluke kaye. Panja anaima pafupi ndi thanki ya madzi ya aphunzitsi, n'kumayang'ana nyerere zikukwera khoma. Palibe anawatsatira. Atabwerera anapeza pabolodi pawonjezeredwa mizere iwiri: pogwirira ntchito pofika magetsi ndi galimoto, dzina la aliyense lidziwike.

"Taonani tsopano," anatero aphunzitsi. "Zinayi izi, chilipo chimene chikulimbana ndi chinzake? Tiyeni titchule njira zonse zimene zingatheke. Musatsutse kaye, ngakhale njira ikhale yopusa. Kusankha tisankha pambuyo."

Zinatchulidwa zambiri. Kugawa patatu. Kugawa pawiri. Kugulitsa zonse aliyense n'kukayamba kwina. Kusiya malo ali amodzi koma mayina atatu papepala. Dalaivala, nkhope ili gwa, anati a Sikweya akhome shedi pamwamba pa chitsime azipala matabwa akutunga madzi. Namasamba anaseka mosafuna, ndipo aphunzitsi anailembanso imeneyo.

Lolemba m'mawa anapita onse pamalopo. Oyeza malo anabwera ndi tepi yawo yaitali ndi buku la malamulo a khonsolo a kagawidwe ka mapuloti. Anapatsa dalaivala mbali imodzi ya tepi, a Sikweya mbali inayo, iwo n'kumalemba manambala. Zinapezeka kuti malowo ndi opapatiza kwambiri: atagawidwa patatu, zigawo ziwiri sizikanafika pa kukula kumene malamulo amalola, ndipo cha kumbuyo chikanakhala chopanda njira yotulukira kumsewu. Dalaivala anawerenga yekha tsambalo kawiri, n'kuvomera kuti kugawa patatu kwagwa. Sanagonje kwa mkulu wake. Anagonja kwa tepi ndi buku.

Anabwerera ku bolodi n'kuyesa njira iliyonse ndi mizere inayi ija. Kugulitsa kunagwa pa mzere woyamba. Kugawa pawiri kunasiya munthu mmodzi panja. Inatsala ya mayina atatu papepala limodzi, ndipo pamenepo ndi pamene panali ntchito. Namasamba anafunsa kuti phokoso la makina lizitha nthawi yanji, popeza ana amawerenga. Anagwirizana kuti dzuwa likamalowa makina azizima, ndipo Lamlungu asalire. Anafunsanso za utuchi wouluka n'kugwera pa ndiwo. A Sikweya anati shedi idzayang'ana kumsewu, kumbuyo kwake kudzakhala khoma lathunthu, ndipo utuchi azidzaupakira m'matumba. Dalaivala anafunsa kuti iye apindula chiyani ena awiri akugwiritsa ntchito malo. Oyeza malo anamuonetsa kadanga kouma pakati pa nyumba ndi mpanda wa kum'mawa, kokwana nyumba yaing'ono. Anagwirizana kuti kameneko ndi kake, iye kapena ana ake adzamange akadzafuna, ndipo pasadzalidwe mitengo. Anasiyanso njira yokwana wilibala kuchokera pageti mpaka kuchitsime, yoti wina aliyense asaitseke.

Panatsala funso limene aphunzitsi analifunsa okha. "Nanga wina akadzafuna kuchoka? Kapena mmodzi wa inu akadzamwalira?" Zimenezi zinatenga tsiku lina lathunthu. Anamaliza ndi mfundo yoti palibe angagulitse gawo lake kwa munthu wakunja asanafunse abale awiriwo, kuti Namasamba akhala m'nyumbamo moyo wake wonse, ndi kuti womwalira malo ake papepala alowa ana ake.

Aphunzitsi analemba zonse pamanja, n'kuwerenga mokweza mzere ndi mzere. Sanalole kuti asayine tsiku lomwelo. "Pitani nazo kunyumba mlungu umodzi. Akazi anu awerenge. Iwe, kamuonetse loya wako. Chosayina mothamanga chimabwerera." Mlungu utatha, loya anasintha mawu awiri okha. Anasayina atatuwo, akuluakulu awiri aja n'kusayina ngati mboni, ndipo anapita limodzi ku ofesi ya za malo kukayambitsa zosintha dzina papepala. Anapangananso kuti akumane kwa aphunzitsi pakatha miyezi itatu kuti aone ngati zikuyenda.

Shedi yakale inagwetsedwa yatsopano isanathe, moti makina anakhala milungu iwiri pakhonde la Namasamba atafunditsidwa lona. A Sikweya akabwera m'mawa ankapereka moni kwa oyandikana nawo aja maso ali kumbali. Anagula mbande za tomato mathireyi awiri n'kuzisiya pachitsime osanena kanthu. Namasamba anazidzala, nayenso osanena kanthu.

Kwa dalaivala kunali kovuta. Pamsonkhano wa miyezi itatu ananena kuti zonse zili bwino, koma mkulu wake akamulankhula, iye ankayankha ndi mawu amodzi amodzi. Tsiku lina a Sikweya anamva kuti thiraki ili kugalaja, ndipo anapita komweko. Anamupeza atakhala pa tayala, akudikira amakaniko.

"Mawu okunyoza aja ndinanena pamaso pa anthu," anatero a Sikweya. "Ndiye kupepesa kwa kuno kokha sikukwana. Lamlungu ndaitana oyandikana nafe aja kunyumba kwa chemwali. Ndikufuna ndikanene iwo akumva kuti ndinalakwa. Ubwera?"

Dalaivala anayang'ana amakaniko amene anali pansi pa thiraki, miyendo yokha ikuoneka.

"Lamlungu ndili pa ulendo, achimwene."

"Lamlungu linalo?"

"Ndiona."

Anabwera Lamlungu lachitatu, ndi mkazi wake ndi ana. A Sikweya anaimirira pakhonde pamaso pa anthu asanu ndi awiri, nanena zimene anakonza, ndipo pakati anaiwala zina. Dalaivala anamvetsera mpaka pamapeto, n'kunena kuti wamva. Sanagwirane chanza. Koma pochoka anaima pashedi, nayang'ana mulu wa matabwa, n'kufunsa kuti amawagula kuti. A Sikweya atamuuza, iye anati kumeneko amadutsako Lachinayi lililonse thiraki ili yopanda katundu, ndipo ngati abwana ake alola, atha kumawatengera.